Chikalata Chikamadzitsutsa Chokha, Womasulira Achite Chiyani?

M'buku la 2 Mbiri, mutu 21 umatha ndi imfa ya Yehoramu, mfumu ya Yuda. Vesi lomaliza limatiuza kuti iye analowa ufumu ali ndi zaka 32 ndipo analamulira zaka 8. Ndiye kuti anamwalira ali ndi zaka 40. Mutu 22 ukungoyamba, anthu a mu Yerusalemu akulonga ufumu Ahaziya, mwana wake wamng'ono pa onse. Vesi lachiwiri, m'mipukutu ya Chihebri, limati Ahaziyayo anali ndi zaka 42. Mwana wopambana bambo ake omubereka ndi zaka ziwiri, komanso ali chitsirizira m'banjamo! Mavesiwa ndi oyandikana, moti pakati pawo pali vesi limodzi lokha. Tikatsegula 2 Mafumu 8:26, pomwe nkhani yomweyi yalembedwanso, tikupeza kuti Ahaziya anali ndi zaka 22.

Wowerenga akhoza kudabwa pang'ono n'kupitirira. Womasulira alibe mwayi umenewo. Cholembera chili m'manja, ndipo ayenera kulemba nambala. Alembe 42 monga zilili, alembe 22 poti ndiyo yomveka, kapena alembe imodzi n'kumuuza wowerenga kuti apa pali vuto? Funso lomweli limamupeza aliyense womasulira kalata ya kubadwa, pangano la ngongole, lipoti la bungwe kapena kabuku ka ulimi. Ndipo yankho lake silikhala limodzi nthawi zonse.

Njira zitatu pa vesi limodzi

Amasorete, alembi achiyuda omwe anasunga ndi kukopera malemba a Chihebri mpaka cha m'ma 1000, anaipeza nambala ya 42 ndipo anaikopera momwemo. Sikuti sankadziwa kuwerengera. Anthuwa ankawerenga ngakhale kuchuluka kwa mawu a m'buku lililonse pofuna kuti pasatayike kanthu. Mwambo wawo unali wakuti zomwe alandira asazisinthe. Pamene mawu olembedwa ankasiyana ndi momwe ankawerengedwera m'sunagoge, ankasiya olembedwawo pamalo pake n'kulemba enawo m'mphepete mwa tsamba. Omasulira Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe linatuluka mu 1611, nawonso analemba 42. Imeneyi ndiyo njira yoyamba: kumasulira momwe zalembedwera.

Omasulira Baibulo la NIV, lomwe linatuluka lathunthu mu 1978, anasankha kukonza. Iwo analemba 22, koma m'munsi mwa tsamba anafotokoza kuti Chihebri chimati 42, ndipo anatchula mboni zomwe anadalira: mipukutu ina ya Baibulo lakale la Chigiriki, Baibulo la Chisiriya, ndi vesi la mu 2 Mafumu lija. Apa pali zinthu ziwiri zochitika pamodzi. Akonza, komanso aulula kuti akonza.

Njira yachitatu ndi kusiya 42 m'vesimo n'kuchenjeza wowerenga m'munsi kuti kwina kwalembedwa 22. Mukatsegula Baibulo lomwe muli nalo kunyumba, mudzaona nokha njira yomwe omasulira ake anatsata.

Wina angafunse kuti, popeza masamu akuonekeratu, bwanji osangolemba 22 n'kukhala chete? Chifukwa chake n'chakuti chomwe chikuoneka ngati cholakwika kwa womasulira chikhoza kukhala ndi tanthauzo lomwe iye sanaliganizire. Akatswiri ena akale ankati zaka 42 zimenezo si za moyo wa Ahaziya, koma zikuwerengedwa kuyambira pa ufumu wa banja la Omuri, komwe kunachokera amayi ake, Ataliya. Ambiri lero amaona kuti ndi mlembi chabe amene anaphonya pokopera. Koma kuti anthu athe kukambirana zimenezi, ayenera kudziwa kuti nambala ya 42 ilipo. Womasulira akaifafaniza mwakachetechete, watseka mlandu womwe sunali wake woweruza.

Omasulira a King James ankadziwanso kukonza poyera. Mu 2 Samueli 21:19, Chihebri chimati amene anapha Goliati wa ku Gati ndi Elihanani, pomwe 1 Samueli 17 imati ndi Davide. Buku la 1 Mbiri 20:5 limati Elihanani anapha Lami, m'bale wake wa Goliati. Omasulirawo anawonjezera mawu onena za m'baleyo mu 2 Samueli, koma anawasindikiza ndi zilembo zosiyana ndi zinazo, kuti wowerenga adziwe kuti mawuwo saali m'Chihebri. Dzanja la womasulira likuoneka, ndipo wofuna kutsutsa akudziwa pogwira.

Kodi n'kutsutsana kwenikweni?

Womasulira wodziwa ntchito sathamangira kunena kuti chikalata chalakwika. Amayamba wadzifunsa ngati malo awiriwo akunenadi za chinthu chimodzi. Pa nkhani ya Ahaziya funsoli ndi lofunika kwambiri, chifukwa m'nyengo yomweyo kunali mafumu awiri a dzina limeneli, wina wa Yuda, wina wa Israeli, mwana wa Ahabu. A Yehoramu analinso awiri. Munthu akatsimikiza kuti mavesi onse akunena za mwana wa Yehoramu wa ku Yuda, m'pamene anganene kuti palidi kusemphana.

M'zikalata za masiku ano zinthu zooneka ngati kutsutsana zimachokera m'malo odziwika. Deti lolembedwa 03/04 kwa Mmalawi ndi pa 3 Epulo, pomwe kwa wa ku Amereka ndi pa 4 Malichi, ndipo lipoti lolembedwa ndi anthu a mayiko awiriwa likhoza kusakaniza zonse. Nambala ina ikhoza kukhala ya maekala, ina ya mahekitala, pomwe hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ndalama ina ikhoza kukhala ya msonkho usanachotsedwe, ina utachotsedwa. Mawu oti chaka nawonso amasokoneza: boma la Malawi linkayamba chaka cha ndalama mu Julayi, koma kuyambira mu 2022 chimayamba mu Epulo, kotero manambala awiri osiyana a chaka chimodzi akhoza kukhala oona onse, chifukwa akuwerenga miyezi yosiyana. Nthawi zina vuto limakhala pepala lenilenilo. Fotokope yofuwa imasandutsa 7 kukhala 1, ndipo kuitanitsa pepala loyambirira kumathetsa nkhani yonse.

Zonsezi zikafufuzidwa koma kusemphanako kulipobe, pamatsala mafunso awiri akuluakulu. Loyamba: kodi chomasuliridwachi chikagwira ntchito yanji, ya umboni kapena yolangiza anthu zochita? Lachiwiri: kodi mwini chikalata alipo woti n'kufunsidwa? Olemba 2 Mbiri sitingawaimbire foni, n'chifukwa chake omasulira Baibulo amadalira mboni za mipukutu ndi mawu a m'munsi. Koma amene analemba kabuku ka ulimi mwezi wathawu ali pa ofesi pake.

Chikalata cha umboni sichikonzedwa

Tiyerekeze kuti mayi wina wobadwira ku Tete, amene wakhala ku Dedza zaka zambiri, wabwera ndi kalata yake ya kubadwa ya m'Chipwitikizi kuti imasuliridwe ipite ku ofesi ya boma. M'kati mwa kalatayo chaka chobadwa chalembedwa m'mawu, ndipo ndi 1967. Pamwamba, m'kabokosi ka manambala, palembedwa 1977. Mayiyo akuti chenicheni ndi 1967, ndipo akupempha kuti womasulira alembe chimenecho monsemo kuti ku ofesi asakavutike.

Mtima umafuna kuthandiza, ndipo mwina mayiyo akunena zoona. Koma womasulira sanaitanidwe kudzachitira umboni za tsiku lomwe munthu anabadwa. Iye akasaina m'munsi, akuchitira umboni chinthu chimodzi chokha: kuti zomwe walemba ndi zomwe zili pa pepala lomwe analiona. Akalemba 1967 malo onse awiri, wapanga kalata yomwe kulibe. Zaka khumi zimenezo zikhoza kusintha nthawi yopuma pa ntchito kapena yolandira penshoni. Tsiku lomwe wina adzaike mapepala awiriwo pamodzi n'kuona kusiyana, wokayikiridwa woyamba adzakhala mayiyo, ndipo adzaoneka ngati anachita chinyengo pa cholakwa chomwe sichinali chake.

Choyenera ndi kumasulira malo onse awiri monga alili, 1967 apa, 1977 apo, n'kuika mawu achidule m'mabulaketi pomwepo: [Mawu a womasulira: pa chikalata choyambirira chaka chalembedwa 1967 m'mawu ndi 1977 m'manambala.] Mawuwa sanena kuti cholondola ndi chiti. Ntchito yake ndi kuuza wa ku ofesi kuti kusiyanako sikunabwere ndi womasulira. Popanda mawuwa, wa ku ofesiyo angaganize kuti womasulira anagona pa ntchito, n'kubweza pepala lonse. Kenaka womasulira amamuuza mayiyo mwaulemu kuti, “Amayi, okonza kalatayi ndi a ofesi yomwe inaitulutsa. Ine ndikaikonza pano, ndikuikani m'mavuto aakulu kuposa awa.”

N'chimodzimodzi ndi pangano la ngongole lomwe m'manambala likunena K450,000 koma m'mawu likunena ndalama ina. Pa macheke, lamulo la ku Britain la 1882 linakhazikitsa kuti manambala ndi mawu zikasiyana, ndalama yolipira ndi ya m'mawuyo. Womasulira akhoza kulidziwa lamuloli, koma kuligwiritsa ntchito ndi udindo wa banki ndi khoti. Iye amasunga ndalama zonse ziwiri ndi kuchenjeza. Womasulira wa m'khoti ndiye alibe ngakhale malo oikapo mabulaketi. Mboni ikanena m'mawa kuti inaona woimbidwa mlandu Lachiwiri, masana n'kunena Lachitatu, womasulira amanena Lachiwiri m'mawa ndi Lachitatu masana. Kudzitsutsa kwa mboniyo ndi gawo la umboni, ndipo woweruza ayenera kukumva ndi makutu ake.

Kabuku kolangiza sikangapite ndi mayankho awiri

Tsopano tione mbali ina. Tiyerekeze kuti bungwe lina lapereka kabuku ka Chingerezi ka kabzalidwe ka chimanga kuti kamasuliridwe m'Chichewa, kasindikizidwe, kagawidwe kwa alimi mvula isanagwe. Pa tsamba 2 akuti mizere italikirane masentimita 90. Pa tsamba 5, m'tebulo, akuti masentimita 75. Malo onse awiri akugwirizana kuti mapando atalikirane masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, ndipo m'munsi mwa tebulo akuti hekitala imodzi idzakhala ndi mbewu pafupifupi 53,000.

Apa kumasulira momwe zalembedwera basi ndi kuthawa udindo. Mlimi alibe buku la Chingerezi loti ayerekeze, ndipo sangalime mizere ya mitundu iwiri nthawi imodzi. Mawu a m'munsi nawonso sangamuthandize, chifukwa iye akufuna kudziwa utali wa kamtengo koyezera, osati kumva kuti olemba anasemphana. Uthengawo ukakhala woti ukawerengedwe pa wailesi, mabulaketi sangamveke n'komwe. Vutoli liyenera kutha kabukuko kasanapite kosindikiza.

Womasulira amayamba ndi kufunsa chikalatacho kuti chidzichitire umboni. Hekitala ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Mzere umodzi wa mamita 100, mapando ake atatalikirana masentimita 25, uli ndi mapando 400. Mizere ikatalikirana masentimita 75, m'mundamo mulowa mizere 133, ndipo mapando onse akwana 53,200. Ikatalikirana masentimita 90, mulowa mizere 111 yokha, mapando 44,400. Nambala ya 53,000 ikugwirizana ndi 75, osati 90. Palinso umboni wa kunja: muyeso wa masentimita 75 ndi 25, mbewu imodzi pa phando, ndi womwe alangizi amaphunzitsa pa njira yomwe alimi amaitcha ya Sasakawa, pomwe masentimita 90 ndi muyeso wa mizere wakale. Zikuoneka kuti wolembayo anatenga ndime ya tsamba 2 m'kabuku kakale n'kuiwala kuisintha. Kusemphana kwambiri m'zikalata kumabadwa motere: pepala lasinthidwa pena, pena laiwalika.

Ndiye womasulira angolemba 75 n'kutumiza? Ayi. Umboni wake ndi wamphamvu, koma pali zomwe sangazione ali pa tebulo lake. Mwina bungwelo linasankha dala masentimita 90 chifukwa cha dera lomwe likugwirako ntchito kapena mbewu ina yobzala pakati, ndipo chomwe chinaiwalika kusintha ndi tebulolo. Kusiyana kwa mapando pafupifupi 9,000 pa hekitala kumakhudza kuchuluka kwa mbewu yogula, komanso feteleza ngati akuthira ndi kakapu pa phando lililonse. Womasulira akasankha molakwika, mlimi adzaona thumba litatha munda usanathe. Safunsa anadya phula.

Kufunsako kuli ndi kachitidwe kake. Funso lakuti “muli zolakwika m'kabuku kanu” silithandiza aliyense, ndipo limangokwiyitsa. Funso labwino limatchula malo, limaonetsa umboni, limanena chomwe womasulira wachita podikira, ndipo limayankhika ndi mawu amodzi. Likhoza kulembedwa motere: “Pa tsamba 2, ndime yachitatu, mizere ndi masentimita 90. Pa tsamba 5, m'tebulo, ndi masentimita 75. Mbewu 53,000 pa hekitala zikugwirizana ndi 75. Pakadali pano ndasiya malo onse awiri monga alili ndipo ndawapaka chikasu. Kodi tilembe 75 monsemo?” Mafunso onse amatumizidwa pamodzi, ntchito ikadali pakati, osati usiku woti mawa kabuku kakusindikizidwa. Yankho likhale lolembedwa ndipo lisungidwe, chifukwa mawu a pa foni amakanidwa.

Yankho likabwera, womasulira amakonza malo onse omwe muyesowo watchulidwa, kuphatikizapo mawu a pansi pa zithunzi ndi chidule cha kumapeto, komwe kumaiwalika kawirikawiri. Amapemphanso kuti buku la Chingerezi lija likonzedwe. Likasiyidwa chomwecho, womasulira m'Chitumbuka adzasankha 90, wa m'Chiyao adzasunga zonse ziwiri, ndipo alimi a zigawo zitatu adzalandira malangizo atatu kuchokera ku bungwe limodzi.

Nanga mwini kabuku akapanda kuyankha, tsiku lopereka ntchito n'kukwana? Womasulira amapereka ntchitoyo malo ovutawo ali opakidwa, ndi kalata pamwamba yonena kuti tsamba 2 ndi tsamba 5 asasindikizidwe mpaka katswiri wa ulimi atatsimikiza. Zikakhala za mlingo wa mankhwala a anthu, a ziweto kapena opopera m'munda, womasulira sasankha nambala ngakhale masamu atamuonekera bwanji. Amene amasankha ndi dokotala, wa zamankhwala kapena mlangizi, ndipo pepala limadikira.

Pomwe womasulira angakonze yekha

Sikuti kanthu kalikonse kafunika kuimitsa ntchito. Lipoti likanena kuti onani tebulo 4, pomwe matebulo alipo atatu okha ndipo zomwe akufotokozazo zili mu tebulo 3, womasulira akhoza kulemba 3. Dzina la mudzi likalembedwa bwino kasanu ndi kamodzi, n'kuphonyeka chilembo kamodzi, akhoza kulikonza. Koma zinthu zitatu zikhale zitakwanira: chikalatacho chisakhale cha umboni, yankho lolondola likhale limodzi lokha looneka m'chikalata momwemo, ndipo kukonzako kusasinthe ndalama, tsiku, mlingo, ufulu kapena udindo wa munthu aliyense. Ngakhale pamenepo, zokonzedwazo zimalembedwa pa kamndandanda kopita kwa mwini ntchito. M'mabuku a nthano womasulira amasamala koposa, chifukwa wolemba akhoza kupangitsa munthu wa m'nkhani kudzitsutsa mwadala kuti tidziwe kuti akunama.

Pali zizindikiro zoonetsa kuti womasulira anasochera. Mukaona kuti chomasuliridwa n'chosalala ponseponse, pomwe choyambirira chinali ndi malo okayikitsa, ndipo sanakufunseni kanthu, dziwani kuti wina wakusankhirani mayankho mwamseri. Mukaona manambala osemphana atangodutsa opanda chenjezo, ndiye kuti womasulirayo ankatsata chiganizo chimodzichimodzi osawerenga chikalata chonse. Pali cholakwa chachitatu, chomwe chimabisala kwambiri: kusungunula mawu kuti kusemphanako kusaoneke, monga kulemba kuti mizere italikirane pakati pa masentimita 75 ndi 90. Chiganizo chimenechi sichili pa tsamba 2, sichili pa tsamba 5, ndipo palibe katswiri amene anachivomereza.

Tikaziika pamodzi, chikalata cha umboni chimamasuliridwa monga chilili, ndi chenjezo. Chikalata cholangiza anthu chimakonzedwa, koma wolamula kukonzako ndi mwini wake. Chikalata chomwe mwini wake sangafunsidwenso chimafuna kuti womasulira asankhe, atchule umboni wake, ndipo asiye nambala inayo pomwe wowerenga angaione. Pa njira zonsezi palibe yomwe imalola kukhala chete.

Inu amene mumapereka zikalata kuti zimasuliridwe, kaya ndinu a bungwe, a mpingo, a sukulu kapena mwangobwera ndi kalata ya banja lanu, muuzeni womasulira komwe pepalalo likupita, ndipo mupatseni dzina la munthu woti azimufunsa. Akakubwezerani ntchito ili ndi mafunso, yankhani mwamsanga ndipo yankhani polemba. Musamukakamize kukonza kalata ya boma kapena pangano losainidwa kale. Pitani nalo kwa amene analilemba kuti akalikonze iwo eni.